N'chifukwa Chiyani Chipululu Chimaotcha Masana Koma Usiku N'kuzizira Koopsa?

Ife okhala m'mphepete mwa nyanja tinazolowera kuti tsiku likatentha, usiku wakenso umatentha. Mu Okutobala ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, dzuwa limalowa koma thukuta silileka, mpaka ena amatulutsa mphasa n'kukagona pakhonde. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti ku chipululu cha Sahara, kumene masana munthu sangaponde mchenga ndi phazi lopanda nsapato, apaulendo amasonkha moto usiku n'kufunda mabulangete, ndipo nthawi zina madzi otsala m'mbale amapezeka ataundana m'mawa. Dzuwa ndi lomweli, mchenga ndi womwewo umene umaotcha masana. Nanga kutentha konseko kumapita kuti m'maola ochepa chabe?

Yankho lake lagona pa madzi. Chipululu chilibe madzi m'nthaka, chilibe madzi mumpweya, ndiponso chilibe mitambo. Kusowa kwa madziku n'kumene kumachititsa zonse ziwiri, kuotcha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku. Kuti timvetse bwino, tiyeni titenge kachigawo kamodzi ka mchenga wa ku Sahara, mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kongokwana kuyalapo kamkeka kakang'ono, tikatsate kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winanso.

Dzuwa likafika paliwombo kumwamba kulibe mtambo, kachigawo kameneka kamalandira mphamvu yokwana mawati pafupifupi 1,000. Zili ngati kuunjikapo mababu khumi akale aja a mawati 100, onse akuyaka. Mchenga wa m'chipululu ndi wowala, ndiye gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwalako umalibweza kumwamba. Apa pali chodabwitsa pang'ono: dothi lakuda la kudambo limameza dzuwa lambiri kuposa mchenga wa ku Sahara, komabe silitentha ngati mchengawo. Choncho nkhani si kuchuluka kwa dzuwa kokha ayi. Nkhani ndi yoti mphamvu imene yamezedwayo ikagwira ntchito yanji.

Pa nthaka yonyowa, mphamvu yambiri ya dzuwa imathera pa kuumitsa madzi. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika mphamvu yokwana makilojuli pafupifupi 2,400, ndipo mphamvu yonseyo imachoka pansi limodzi ndi nthunziyo, osatenthetsa dothi. Amayi amaidziwa bwino nzeru imeneyi ngakhale sawerengera manambala: madzi a mumtsuko wadothi amazizira chifukwa ena amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta mtsukowo, n'kumauma kunja kwake atanyamula kutentha. Thukuta limagwira ntchito yomweyo pa thupi la munthu. Munda wobiriwira nawonso umatuluka thukuta lake kudzera m'masamba, malita angapo pa mita iliyonse tsiku lotentha. Koma ku Sahara kuli madera amene chaka chimatha osagwa dontho la mvula. Mchenga ulibe choumitsa, ndiye mphamvu yonse imene wameza imangosanduka kutentha.

Chachiwiri, mchenga wouma sulola kutentha kulowa pansi. Pakati pa timchenga pali timipata todzaza mpweya, ndipo mpweya wongokhala sudutsitsa kutentha msanga. Aliyense amene anayendapo pagombe masana mu Novembala amadziwa zimenezi: pamwamba pamaotcha mapazi, koma ukafukula pang'ono ndi chala chaphazi umapeza pozizira. Ku chipululu n'chimodzimodzi. Kutentha kwa tsiku lonse kumaunjikana m'kachikopa kopyapyala ka pamwamba, masentimita khumi kapena kupitirirako pang'ono. Pamwamba penipenipo pamatha kufika madigiri 70 ngakhale kuposa, pamene ukakumba theka la mita sungasiyanitse masana ndi usiku. N'chifukwa chake tinyama tambiri ta m'chipululu, monga mbewa, abuluzi ndi kankhandwe ka makutu aakulu kaja, timabisala m'mauna dzuwa likakula.

Mchenga wotenthawo ndiwo umatenthetsa mpweya, kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Kuwala kwa dzuwa kumangodutsa mumpweya osautenthetsa kwenikweni. Ichi ndicho chifukwa chake nthawi yotentha kwambiri si 12 koloko masana, koma cha m'ma 3 koloko, mpweya utakhala maola angapo ukuwotha pa mchenga. Tisasokonezenso manambala awiri. A zanyengo akamalengeza kutentha, amanena za mpweya umene auyeza pamthunzi, choyezera chili m'mwamba pafupifupi msinkhu wa munthu. Mumzinda wa Ouargla ku Algeria, pa 5 Julayi 2018, anayeza madigiri 51.3 mwa njira imeneyi. Mchenga wa pansi tsiku ngati limenelo umakhala wotentha kuposa pamenepo kutalitali.

Tsopano dzuwa lalowa. Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo tifatsepo.

Chinthu chilichonse chofunda chimataya kutentha kwake mwa kutulutsa mtundu wina wa kuwala umene maso athu sauona. Asayansi amautcha infuraredi. Mukakhala chapatali ndi mbaula, nkhope imamva kutentha ngakhale mphepo ikuwombera kwina. Chimene chikufika pankhopepo ndi kuwala kosaonekaku. Khoma la njerwa limene lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse limachitanso chimodzimodzi madzulo, mumalimva ngakhale musanalikhudze. Nthaka yonse ya dziko lapansi imatulutsa kuwala kumeneku usana ndi usiku osaleka. Masana sitizindikira chifukwa dzuwa limabweretsa zambiri kuposa zimene zikuchoka. Usiku cholowa palibe, chotuluka chokha.

Funso n'lakuti kuwala kotuluka pansiku kukumana ndi chiyani m'njira. Mpweya umene timapuma, pafupifupi wonse, ndi naitirojeni ndi okosijeni, ndipo mitundu iwiriyi siigwira kuwala kwa infuraredi. Kumangodutsa ngati madzi m'khoka. Chimene chimakugwira kwambiri ndi nthunzi ya madzi, chinyezi chosaoneka chimene chimakhala mumpweya. Munthu amene anaonetsa zimenezi poyeza ndi zida anali John Tyndall, wasayansi wa ku Ireland, amene anayamba ntchitoyi mu 1859. Iye anapeza kuti mpweya wouma umalola kutentha kudutsa mosavuta, koma ukangokhala ndi nthunzi ya madzi umameza gawo lalikulu. Nthunziyo ikameza kutenthako imakutulutsanso mbali zonse, ndipo kwina kumabwerera pansi. Mitambo ndiye imaposa apo. Mtambo wochindikala, wotsika, umagwira pafupifupi zonse zochokera pansi n'kubweza zochuluka.

Anthu amakonda kunena kuti chinyezi ndi mitambo zili ngati bulangete, ndipo fanizolo n'labwino bola tikumbukire kuti bulangete silipanga kutentha. Limangochedwetsa kutayika kwa kutentha kumene kulipo kale. Kuno kunyanja bulangete lathu n'lochindikala, makamaka nthawi ya dzinja. Ku Sahara n'lopyapyala ngati chitenje chakutha. Nyenyezi zimene apaulendo amazitama kuti zimawala kwambiri m'chipululu ndi umboni wa zomwezo: pakati pa mchenga ndi thambo palibe chotchinga.

Tiyeni tiwerengere ndi kachigawo kathu kaja. Usiku wopanda mitambo, mpweya uli wouma, mita imodzi ya mchenga imataya mphamvu yokwana mawati pafupifupi 100 tikachotsera zimene thambo likubweza. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, babu limodzi basi. Koma usiku ndi wautali. Mawati 100 kwa maola khumi ndi makilojuli 3,600. Nanga nkhokwe imene mphamvuyi ikutapidwamo ndi yaikulu bwanji? Taona kale kuti kutentha kwa masana kunangolowa masentimita khumi. Mchenga wouma wa kuya kotero pa mita imodzi umalemera makilogalamu pafupifupi 160, ndipo kilogalamu iliyonse ya mchenga imasunga makilojuli 0.8 okha pa digiri iliyonse. Tikachulukitsa tipeza kuti nkhokwe yonseyo imatsika digiri imodzi ikataya makilojuli pafupifupi 130. Tikagawa 3,600 ndi 130, yankho ndi madigiri pafupifupi 28.

Kuwerengeraku n'kongoyerekeza. Mchenga ukamazizira umayamba kutaya mphamvu pang'onopang'ono, ndipo mchenga wa pansi ndi mpweya wa pamwamba zimaubwezera kutentha kwina. Komabe chithunzi chake n'choona: nkhokwe ndi yaing'ono, khomo lake lili pululu, ndiye pofika m'mawa yatha.

Tsono tichite masamu omwewo pa nyanja yathu. Kilogalamu imodzi ya madzi imasunga makilojuli 4.2 pa digiri iliyonse, kuposa mchenga kasanu. Koma kusiyana kwakukulu sikuli pamenepo. Dzuwa limalowa m'madzi mamita angapo, ndipo mafunde amatakasa madzi a pamwamba ndi a pansi, choncho kutentha kwa masana kumamwazikana m'madzi akuya. Tingotenga mamita khumi okha. Pansi pa mita imodzi ya nyanja pali madzi olemera makilogalamu 10,000, amene amafuna kutaya makilojuli 42,000 kuti atsike digiri imodzi. Atataya makilojuli 3,600 omwe aja, sangatsike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri. Mchenga madigiri 28, nyanja osakwana kachigawo ka digiri imodzi. Asodzi amene amachezera pa nyanja usiku amadziwa kuti m'bandakucha madzi amamveka ofunda kuposa mphepo. Madziwo sanatenthe usikuwo ayi, angokana kuzizira pamene mtunda wazizira. Nyanja imasunga kutentha ngati mphika waukulu wa phala wovundikira, pamene chipululu chili ngati denga la malata, limene masana limaotcha koma pofika pakati pa usiku lazizira kale.

Pali chinthu chinanso chimene chinyezi chimachita, ndipo ambiri sachiganizira. Mpweya wa chinyezi ukazizira umafika pamlingo wina pamene sungathenso kusunga nthunzi yake yonse, ndiye mame amayamba kugwa. Mphamvu ija imene madzi anatenga posanduka nthunzi, makilojuli 2,400 pa lita, amaibweza posandukanso madzi. Choncho mame akayamba, kuzizira kumachita ngati kwapondedwa buleki. Kuno nthawi ya dzinja mlingo umenewu umakhala pamwamba, cha m'ma madigiri 20, ndiye usiku sungatsike kwenikweni kupitirira apo. Mkati mwa Sahara mpweya umauma mwakuti mlingowo nthawi zambiri umakhala pafupi ndi 0 kapena pansi pake. Buleki palibe mpaka kutsika kwafika patali.

Mchenga ukazizira umaziziritsa mpweya umene waukhudza. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye umakhazikika pansi osakwera, ndipo pamalo otsetsereka umayenderera ngati madzi n'kukadikha m'zigwa. Zotsatira zake n'zakuti usiku wa bata, pansi penipeni pamazizira kuposa mpweya wa mamita ochepa m'mwamba, ndipo kuchigwa kumazizira kuposa pachitunda. Munthu wogona pansi m'chigwa ndiye amalandira chisanu chonse. Kukawomba mphepo, mpweya wofundirapo wa m'mwamba umasakanikirana ndi wa pansi ndipo kuzizirako kumachepa, ngakhale kuti pathupi mphepoyo imamveka yolasa. Ndipo popeza kutayika kwa kutenthaku sikuima mpaka dzuwa litatulukanso, nthawi yozizira kwambiri si pakati pa usiku, koma m'bandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Amene amadzuka kukatawaza pokonzekera swala ya Subuhi mu Juni safunika kuuzidwa.

Kunena zoona, mwezi wa Juni ndi Julayi umationetsa kachithunzi ka chipululu konkuno. Mvula yatha, mitambo yachoka, mpweya wauma, ndipo madera a kutali ndi nyanja ndiponso okwera, monga Dedza ndi Nyika, amazizira mpaka chisanu kupsereza mbewu za kudimba usiku wa nyenyezi. Usiku wa mitambo mwezi womwewo sukhala wozizira choncho. Lamulo lake ndi lomwe lija, kungoti ku Sahara limagwira ntchito chaka chonse.

Mwina wina afunsa kuti nanga mpweya wa ku Sahara umaumiranji chotere. Mwachidule, m'madera a pakati pa dziko monga ku Congo, mpweya wotentha wa chinyezi umakwera n'kukhuthula madzi ake ngati mvula. Ukafika m'mwamba uli wouma umayenda cha kumpoto ndi cha kumwera, n'kukatsikira kutali. Mpweya wotsika umafunda ndipo sulola mitambo kupangika. Kumene umatsikirako n'kumene kuli Sahara ndi zipululu za Arabia cha kumpoto, ndiponso Kalahari, Namib ndi zipululu za Australia cha kumwera.

Tsopano tiwongole mawu amene amakokomezedwa. Mumamva ena akunena kuti ku chipululu masana kumafika madigiri 50 ndipo usiku womwewo madzi amaundana. Zimenezo n'kuphatikiza nyengo ziwiri zosiyana kukhala tsiku limodzi. Kawirikawiri mpweya wa m'chipululu umatsika ndi madigiri 15 mpaka 20 kuchoka masana kufika m'bandakucha, ndipo masiku ena a bata kumalo ouma kwambiri umatsika kuposa apo. Kumene kutsikako kukathere kumadalira poyambira. Titenge tauni ya In Salah, pakati pa Sahara ku Algeria. Mu Julayi masana amapitirira madigiri 45, ndipo usiku umatsikira cha m'ma 30. Kutsikako n'kwakukulu ndithu, koma usiku wa madigiri 30 palibe angautche wozizira. Mu Januwale masana amakhala cha m'ma 22, dzuwa likuwala bwino, usiku n'kutsikira cha m'ma 7, ndipo masiku ena kufika pafupi ndi 0. Kuzizira koopsa kumene timamva ndi kwa miyezi imeneyi, pamene dzuwa limadutsa chapansi ndipo usiku umatalika. Kumbukirani kuti Sahara ili kumpoto, ndiye nyengo yake yozizira ndi Disembala mpaka Febuluwale, pamene kuno tili pakati pa dzinja.

Kukwera kwa malo kumawonjezera. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndiponso kumtunda bulangete la chinyezi limapyapyalirabe. M'mapiri a Hoggar kumwera kwa Algeria madzi amaundana usiku nthawi yozizira, ndipo tauni ya Ain Sefra, imene ili pamalo okwera m'mphepete mwa Sahara, inaonapo chipale chofewa chitayala pa milu ya mchenga mu 1979, mu 2016 ndi mu 2018.

Palinso zipululu zimene sizitsata lamuloli, ndipo zimenezi ndizo zimatsimikiza kuti chifukwa chake ndi madzi, osati mchenga pawokha. M'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Namibia, ku Swakopmund ndi Walvis Bay, mvula siigwa kwenikweni ndipo mchenga uli ponseponse. Koma madzi ozizira a m'nyanjayo amabweretsa nkhungu, ndiye masana satentha kwambiri, usiku suzizira kwambiri. Mzinda wa Jeddah nawo uli m'chipululu, koma uli pagombe la Nyanja Yofiira, ndipo usiku wake nthawi yotentha ndi wa thukuta ngati wa ku Salima. Madina ndi yosiyana: ili mkati, kutali ndi gombe, pamalo okwera mamita pafupifupi 600. Amene akupita ku Umura mu Disembala kapena Januwale asapusitsidwe ndi mawu akuti Arabia n'kotentha. Masana a ku Madina miyezi imeneyo ndi okoma, koma m'bandakucha pamafunika juzi, makamaka kwa okalamba ndi ana, amene thupi lawo limataya kutentha msanga.

Kodi munthu angadziwe bwanji madzulo kuti usiku uno kuzizira? Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Kumwamba kukhale kopanda mtambo, nyenyezi zikuwala mwakuthwa. Mphepo ikhale italeka dzuwa litangolowa. Mpweya ukhale wouma, wong'amba milomo, woti chovala chochapa chimauma pa kanthawi kochepa. Zitatuzi zikakumana, kuzizira kumayamba mofulumira maola oyamba dzuwa litalowa, kenako n'kumapitirira pang'onopang'ono mpaka kucha. Chimodzi chikasowa, mwachitsanzo kukabwera mitambo kapena fumbi lambiri m'mwamba, usikuwo umafunda.

Anthu a m'zipululu anaphunzira kugwiritsa ntchito kusinthasinthaku. Nyumba zakale za ku Agadez ku Niger ndi ku Ghadames ku Libya zili ndi makoma adothi ochindikala kwambiri. Kutentha kwa masana kumatenga maola ambiri kuti kudutse khoma lotero, ndiye kumafika mkati usiku pamene kukufunika, ndipo kuzizira kwa usiku kumafika mkati masana.

Koma luso lodabwitsa kwambiri linali la ku Iran, m'madera ouma a Yazd ndi Kerman, kumene anthu ankapanga ayezi kalekale kusanabwere magetsi. Ankamanga khoma lalitali loyenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo kumpoto kwake, kumene mthunzi umagwera, ankakumba maiwe aatali koma osaya. Khomalo linkateteza maiwewo ku dzuwa masana kuti pansi pake pasafunde, komanso linkatchinga mphepo. Madzulo a nyengo yozizira ankathiramo madzi ochepa, osaya kwenikweni, chifukwa madzi ambiri ali ndi nkhokwe yaikulu ya kutentha ndipo sangaundane usiku umodzi. Madzi osayawo ankayang'anizana ndi thambo louma lopanda mtambo usiku wonse, akutaya kutentha kwawo mwa kuwala kosaoneka kuja, ndipo ankatha kuzizira kuposa mpweya wowazungulira, mwakuti ankaundana ngakhale mpweyawo utakhala pamwamba pa 0 pang'ono. Usiku wotsatira ankathiranso madzi ena pamwamba kuti ayeziyo achindikale. Akakwana, ankamuswa m'bandakucha dzuwa lisanatuluke, n'kukamusunga m'dzenje lakuya pansi pa nyumba yadothi yosongoka ngati chulu, yotchedwa yakhchal, atamuyalira udzu pakati ndi pamwamba. Ayezi ameneyo ankafika mpaka miyezi yotentha, ndipo zina mwa nyumbazo zikadalipo mpaka lero.